Kalata imene inanditseka pakamwa

Mjigo wa m'mudzi mwathu unayamba kudwala mwakachetechete. M'mawa amayi ankapopa mpaka mikono kuwawa madzi asanatuluke, koma akangoyamba ankabwera bwinobwino. Mekaniki wa m'dera lathu anati matendawo amawadziwa: madzi akuthawira pansi usiku, kaya valavu yapansi yatha kaya paipi yang'ambika. Lachiwiri anazula zonse, napeza mapaipi awiri ong'ambika ndi timalabala totheratu. Anati zonse pamodzi ndi ntchito yake zikwana K95,000. Yodzaonera vutolo, K5,000, ndinamupatsa ya m'thumba mwanga, poti ndine mlembi wa komiti ndipo ndinkafuna aone kuti kuno kuli anthu odziwa zinthu.

Malamulo a komiti yathu amati ndalama siituluka m'thumba la mjigo popanda msonkhano wa mabanja onse osonkha. Msonkhano wanthawi zonse umafuna chidziwitso cha masiku asanu ndi awiri. Wapadera umatheka ndi masiku awiri okha, bola a tcheyamani asaine, kalata inene chifukwa chothamangira, ndipo itchule nkhani yokambidwa. Mvula inali itayamba, anthu akutunga kudambo, ndipo kolera ya 2022 ndi 2023 palibe amene waiiwala. Sabata yathunthu sitikanadikira.

Madzulo omwewo ndinaponya uthenga pa gulu lathu la pafoni, wina ndinapatsa mnyamata wa amfumu kuti akalengeze: "Msonkhano wadzidzidzi Lachinayi. Nkhani: ndalama za mjigo. Osajomba."

Pofika Lachitatu masana, mudzi wonse unali utadziwa kuti mayi msungichuma adya ndalama. Kuchigayo ankati agulira malata. Kumsika ankati ayi, ndi feteleza. Wina anachita kuwerenga nkhuku zawo n'kupeza kuti zachuluka mokayikitsa. Usiku ndinamva "odi" wamphamvu pakhomo. Anali mayiwo, buku la ndalama kukhwapa, kumbuyo kwawo mlongo wawo amene amaswa miyala kuphiri. Iyeyo sananene kanthu, anangokhala pampando wanga n'kumandiyang'ana.

"Alembi, munalemba kuti ndalama za mjigo. Zatani ndalamazo?"

"Sizinatani, mayi. Tikufuna titengeko."

"Nanga chala chinathyoka kuti musalembe choncho?"

Anatsegula buku, tinawerenga limodzi ndi tochi ya foni tsamba ndi tsamba, mpaka K140,000 yonse inaoneka. A tcheyamani atamva anathetsa msonkhano wa Lachinayi, nati kalata yangayo sinali kalata: sinanene chifukwa, sinanene malo, ndiponso iwo sanasaine. Munthu mmodzi wokwiya akanatha kukana zonse zimene tikanagwirizana.

Ndiye ndinakhala pansi n'kulemba ina, yokhwima, yoti ngakhale loya asapeze polowera. Inatuluka Lachinayi m'mawa, msonkhano n'kuuika Loweruka, chifukwa aphunzitsi ena opuma a m'mudzi mwathu amawerenga masiku ndi zala ndipo tsiku la msonkhano salilowetsamo. Inati:

"Kwa mabanja onse osonkhera mjigo. A tcheyamani akuitanitsa msonkhano wapadera Loweruka lino, 2 koloko masana, pansi pa mtengo wa mango wa kwa amfumu. Takupatsani masiku awiri m'malo mwa asanu ndi awiri chifukwa mjigo waima, anthu akumwa madzi akudambo, ndipo ino ndi nyengo ya kolera. Nkhani ndi imodzi yokha: kuvomereza kuti titenge K95,000 m'thumba la mjigo yogulira mapaipi awiri ndi malabala, ndi kulipira ntchito ya mekaniki. Ndalama zonse zilipo, sizinasowe. Sipadzakhala zina ndi zina. Nkhani ina iliyonse idzadikira msonkhano wa kumapeto kwa mwezi."

Mzere wotsekerawo uli ndi ntchito yake, osati nkhanza chabe. Ukaitana anthu mothamanga, ena amakhala apita kumaliro, ena kuganyu. Munthu amawerenga kalata n'kunena kuti za mapaipi zokha, avomereze amene alipo. Tsono akadzamva kuti mmbuyo mwake mwakwezanso sonkho kapena mwachotsa wina pampando, amakhala waberedwa mawu. Zimenezi ndinazifotokoza kwa aliyense amene ndinakumana naye panjira, ngakhale amene sanandifunse.

Loweruka anthu anadzaza, ambiri akuyembekezabe kuti mwina malata aja atchulidwa. Tinawerenga mabanja, anapitirira theka monga malamulo amafunira. Titangopemphera, agogo ena anaimika mkono: mbuzi za aneba awo zimamwera pa mjigo ndipo zimasiya zizindikiro. Ndinanyamula kalata m'mwamba. "Agogo, pepani, imeneyo mulibe muno." Mayi ena anafuna za atsikana ochapira matewera pasimenti. Kalata m'mwamba. Bambo ena anati mabanja atatu sanasonkhe chiyambire Ogasiti ndipo awatchula maina. Kalata m'mwamba. Ndinkaitukula ngati refa wotulutsa khadi, ndipo kunena zoona zinkandikoma. Mekaniki anaonetsa paipi yong'ambika, anthu anaigwiragwira, wina analowetsamo chikhadabo. Manja anakwera, K95,000 inavomerezedwa dzuwa likadali pamwamba. Chiyambire komiti yathu, msonkhano unali usanatheko mbuzi zisanalowe m'khola.

A tcheyamani anati popeza alembi ndi amene akuidziwa bwino nkhaniyi, apite okha kuboma Lolemba akagule. Ndinavomera mwaulemu, n'kutembenukira kwa mayi msungichuma kuti andiwerengere ya thiransipoti, aphatikizepo ndi K5,000 yanga ija.

Mayiwo sanafulumire. Anamasula mfundo ya chitenje, natulutsa kalata yanga yopindidwa kanayi, naiwongola pabondo. Anawerenga mokweza, liwu ndi liwu, chala chikutsata.

"Mapaipi awiri. Malabala. Ntchito ya mekaniki. Achimwene, thiransipoti ili pati apa?"

"Mayi, mapaipi sangabwere okha."

"Zoona. Koma mulibe muno."

Ndinati K5,000 ija ndi ya mekaniki yemweyo, ndiye ili mkati. Anafunsa mekaniki ngati K95,000 yake ikuphatikiza yoonera. Iye anati ayi, yoonera analandira kale kwa bwana mlembi, ndipo akuthokoza kwambiri. Ndinayang'ana a tcheyamani. Iwo anayang'ana mango. Aphunzitsi opuma aja anaimirira, nakonza kolala, nati mawu atatu okha akanakwanira, akuti "ndi zoyendera zake", koma poti sanalembedwe, kuwonjezera lero n'kubera amene sanabwere. Anati mfundo imeneyi anaimva kwa ine ndemwe pagolosale. Agogo a mbuzi aja anaomba m'manja okha, nthawi yaitali.

Ndinafunsa ngati tingaitanitse msonkhano wina wapadera wa thiransipoti yokha. A tcheyamani anati n'zotheka, masiku awiri, bola ndilembe chifukwa chomveka chothamangira. Ndinalingalira chiganizo chakuti "chifukwa mlembi alibe ya minibasi", n'kuona kuti sichingawerengedwe pamaso pa apongozi anga.

Lolemba ndinapalasa njinga. Paipi imodzi ya mjigo imatalika pafupifupi mamita atatu, ndipo ziwiri ukazimanga pa njinga sumakweranso, umakankha. Pokhota paliponse ndinkayamba ndapepesa anthu a kutsogolo, kenako a kumbuyo. Ana a sukulu ananditsatira akufunsa ngati ndikukapha mbewa zakuya. Mvula inandipeza pa mlatho.

Madzi anatuluka Lachiwiri. Pamsonkhano wa kumapeto kwa mwezi, K5,000 yanga inaikidwa pa zina ndi zina, pambuyo pa mbuzi, matewera ndi mabanja atatu aja. Ya mbuzi yokha inatifikitsa mdima, anthu anabalalika, chiwerengero chinaperewera. Mayi msungichuma anatseka buku nati, "Alembi, lembani kuti yanuyo yadikira mwezi wamawa."