Mmene ndinakonzera ndakatulo yotsanzikana ndi abusa athu

Abusa athu atalandira kalata ya transifa kuchokera ku sinodi, komiti yokonza mwambo wotsanzikana inandipatsa ine ntchito ya ndakatulo. Ndisanagwire cholembera ndinapita kaye kwa alembi a mpingo kukafunsa kuti pa pulogalamu andiika pati ndipo andipatsa mphindi zingati, poti tsiku ngati limeneli kumakhala makwaya, zolankhula za akulu ampingo, amayi a Mvano, achinyamata, kupereka mphatso, kenako abusawo alankhule mawu omaliza. Anati mphindi zitatu, mphatso zisanayambe. Mphindi zitatu ukamawerenga modekha ndi ndime zisanu kapena zisanu ndi imodzi za mizere inayi inayi basi, nanga si anthu amakudula ndi m'manja ndi nthungululu, nthawi imeneyonso umayenera kuiwerengera.

Ntchito yeniyeni sinali yolemba koma yofunsa. Mawu oti munali m'busa wabwino, wodzichepetsa, wachikondi angauzidwe m'busa aliyense, ndipo anthu amawamva ngati zolengeza za pa Sabata. Ndiye ndinayenda m'milaga kumafunsa funso limodzi lokha: chomwe abusawa anakuchitirani chimene simudzaiwala nchiyani? Agogo ena anandiuza zoti mwezi uliwonse wa mgonero abusa ankabwera nawo kunyumba poti miyendo inakana kuyenda. Bambo wina anakumbuka maliro a mwana wake nthawi ya dzinja, mtsinje utadzadza abusa anasiya njinga yamoto kutsidya n'kuwoloka wapansi nsapato zili m'manja, buluku atapinda mpaka m'maondo. Amayi anati mayi busa musawaiwale chonde, ndiwo ankatsogolera kukaona odwala kuchipatala. Zimenezi ndi zomwe zinalowa mu ndakatulo, koma mayina a anthu sindinaikemo, ndiponso nkhani za mabanja amene abusa anawayanjanitsa ndinazisiyiratu, zimenezo ndi za m'chipinda cha uphungu osati za pa maikolofoni.

Kayalidwe kake ndinatengera pa Machitidwe 20, pomwe Paulo akutsanzikana ndi akulu a mpingo wa ku Efeso ali ku Mileto. Amakumbutsa za utumiki wake pakati pawo, amawaikiza kwa Mulungu pa vesi 32, kenako amagwada n'kupemphera, onse akulira, n'kumuperekeza ku ngalawa. Inenso ndinayamba ndi kubwera kwa abusa, ndime zitatu zapakati n'kuikamo ntchito zija, yachisanu ya mayi busa ndi ana, yomaliza kuwaperekeza ndi mdalitso. Ya malirowo inatuluka chonchi:

Mtsinje unadzadza, inu simunabwerere,
Nsapato m'manja, Buku m'khwapa,
Munawoloka kuti olira asalire okha,
Ambusa, madzi aja akukumbukani.

Apa pali malo awiri oterera omwe ndawaonapo akuononga mwambo wabwinobwino. Oyamba ndi kudandaulira sinodi, zija zoti atilanda bambo athu, atisiya amasiye. Zimamveka ngati chikondi koma abusawo amangoweramitsa mutu, iwo analumbira kupita komwe mpingo wawatuma, ndipo mwina pa mipando yakutsogolo pali nthumwi ya presibitale. Achiwiri ndi mzere woti sipadzabweranso wina ngati inu. Mawu amenewa amafika kwa abusa atsopano asanatsitse n'komwe katundu mu lole, nanga ayamba bwanji ntchito pa mpingo womwe wanena kale zimenezo? Ine m'malo mwake ndinalemba kuti munda mwaulimawu wobwerayo adzaupeza wopalira. N'chifukwa chakenso ndinakaipereka kwa alembi ndi mkulu wina wachikulire kuti aione kaye, ndipo anasintha mawu amodzi, pomwe ndinati mwatisiya anati ndiike mwatumidwa.

Kuyeserera ndinkachita mokweza mawu, foni ili pambali kuwerengera nthawi, ndipo mzere uliwonse womwe mpweya unkandithera ndisanafike kumapeto ndinkaudula pawiri. Ndinakasindikiza pa pepala zilembo zikuluzikulu, osadalira foni, poti sikirini imazima pakatikati ndipo dzanja likamanjenjemera umaphonya mzere. Mapepala anali awiri, lina la mufelemu loti abusa atenge.

Tsikulo ndinayamba ndi malonje achidule, abusa ndi mayi busa, akulu ampingo, mpingo wonse, kenako ndakatulo. Mukafika pa ndime yokhudza mtima musathamange, ndipo khosi likatsekeka imani, pumani, yang'anani papepala osati nkhope ya abusa. Pa ndime ya mtsinje ija amayi anayamba nyimbo okha, ndinadikira vesi imodzi ithe, alembi anandikodola ndi mutu, ndinapitiriza. Nditamaliza ndi mdalitso wa pa Numeri 6:24-26 ndinapita pomwe anakhala abusa, n'kugwada, n'kuwapatsira felemu ija ndi manja awiri, iwo n'kuipatsira mayi busa kuti aisunge pamodzi ndi mphatso zinazo.