Matumba asanu a yureya amene anasowa pa shiti

Kusukulu tinaphunzira kuti katundu wotsala ndi amene munali naye poyamba, kuphatikiza wolowa, kuchotsera wotuluka. Ndinkaona ngati nkhani yathera pomwepo, mpaka pamene ndinapita kukaphunzira ntchito pa sitolo ina yogulitsa zipangizo za ulimi. Kumeneko anthu asanu ndi mmodzi tinkalemba pa shiti imodzi ya Google Sheets, ena pa foni, ena pa kompyuta.

Sabata ina tinayamba ndi matumba 120 a feteleza wa yureya, a makilogalamu 50. Lachiwiri kunabwera ena 80, ndipo pofika Lachinayi tinali titagulitsa 65. Masamu ake ndi 135, koma shiti inkaonetsa 130. Lachisanu tinagulitsa matumba 12, shiti n'kumaonetsabe 130. Nditadina kabokosi koonetsa katundu wotsala ndinapeza kuti fomula yowerengera mulibe, muli nambala yolembedwa pamanja. Mnzathu wosunga katundu anawerenga matumba, anapeza 130, ndipo pofuna kukonza anangolemba pamwamba pa fomula. Sanabe kanthu, komatu kukonza kwakeko kunakwirira funso lenileni: matumba asanu aja anapita kuti? Tinadzawapeza pa kapepala kotumizira katundu. Anapita ku nthambi ina, ndipo palibe amene analemba.

Kuyambira pamenepo ndinamvetsa kuti nambala ya katundu wotsala siyenera kulembedwa ndi munthu aliyense, ngakhale bwana. Tinagawa fayilo pawiri. Tsamba loyamba, Katundu, lili ndi kodi ya katundu mu kolamu A, dzina mu B, amene tinayamba naye mu C, wotsala mu D. Lachiwiri tinalitcha Kaundula, ndipo ndi lokhalo limene anthu amalembapo: tsiku mu kolamu A, kodi mu B, kuchuluka mu C, kenako chifukwa, nambala ya lisiti ndi dzina la wolemba. Wolowa timalemba 80, wotuluka -65. Kolamu D imadziwerengera yokha:

```
=C2+SUMIFS(Kaundula!C:C,Kaundula!B:B,A2)
```

Kenako tinatseka makolamu a tsamba loyamba kudzera pa Data, Protect sheets and ranges. Apa ndinalakwitsa poyamba. Ndinasankha Show a warning when editing this range, ndipo chenjezolo munthu amangodina OK n'kulembabe. Chotseka chenicheni ndi Restrict who can edit this range, pamene mumasankha anthu ololedwa. Ife tinasiya awiri basi.

Chimene chinandivuta kwambiri kuvomereza ndi lamulo la kaundula lakuti mzere wolembedwa sufufutidwa. Mtima umafuna kukonza pomwe walakwitsapo kuti pasaoneke. Tsiku lina ndinalemba -21 m'malo mwa -12. Sindinakhudze mzerewo. Ndinalemba wina pansi, 9, chifukwa chake n'kulemba kuti ndikukonza mzere wakutiwakuti, nambala ya lisiti yomweyo. Wotsala anabwerera pamalo pake, ndipo aliyense angathe kuona cholakwikacho ndi amene anachikonza. Nawo matumba osowa powerenga timawalowetsa chimodzimodzi, ngati mzere wakewake wokhala ndi chifukwa. Madzulo tikatseka sitolo, woyang'anira amawonjezera mizere ya tsikulo pa gawo lotsekedwa, kuti za dzulo zisasinthidwe mwakachetechete.

Fomula ija ili ndi kofooka kwake. Wina akalemba UREA 50 pamene kodi ndi UREA50, mzerewo suwerengedwa, ndipo shiti sichenjeza chilichonse. Tinathana nazo poika mndandanda wosankhapo pa kolamu ya kodi kudzera pa Data validation, n'kuuza shiti kuti izikana china chilichonse. Ndinaikanso kabokosi kofananiza: zonse za mu kaundula ziyenera kufanana ndi kusiyana kwa kolamu D ndi C. Zikasiyana, ndiye kuti pali mzere wosochera.

Ena anafunsa kuti kaundula ngwachiyani pamene Google imasunga kale mbiri. Zoona, Version history ndi Show edit history zimaonetsa amene anasintha kabokosi ndi nthawi yake, ndipo n'zimene zinatithandiza kudziwa tsiku limene fomula inafa. Koma sizinena chifukwa, sizitchula lisiti. Komanso anzathu awiri ankalowa ndi akaunti imodzi ya sitolo, choncho mbiriyo inkaonetsa dzina limodzi pa anthu awiri. Aliyense tsopano ali ndi yake.

Kutseka makolamu sikuletsa munthu kutulutsa thumba osalemba. N'chifukwa chake Loweruka lililonse timawerengabe matumba ndi manja. Loweruka lathali shiti inati 94, mosungiramo tinapeza 93, ndipo thumba lotsalalo linali kuseri kwa chitseko, litang'ambika. Ndinalilemba -1, chifukwa chake: lawonongeka.