Mafuta okazingira tchipisi akalowa m'thanki ya ndege, utsi umachepadi ndi 80 peresenti?

M'phunziro lathu la zamphamvu ndi chilengedwe tafika pa mafuta a ndege osachokera pansi pa nthaka, amene ambiri amangowatchula kuti SAF. Makampani a ndege akamawatsatsa amakonda kunena kuti amachepetsa mpweya wa kaboni ndi 80 peresenti. Nambala imeneyo ndiyo inandikhalitsa pansi ndi cholembera, chifukwa ndinkafuna kudziwa kumene imachokera komanso nthawi imene imasiya kukhala yoona.

Njira zopangira mafutawa zilipo zingapo, koma pafupifupi onse amene akugulitsidwa lero amapangidwa mwa njira yotchedwa HEFA, imene inavomerezedwa mu 2011. Zipangizo zake ndi mafuta ophikira otha ntchito, onga aja amatsala akuda bii pa chiwaya cha tchipisi, komanso mafuta a nyama ochokera kophera ng'ombe. Amayamba kuwasefa kuti achotse madzi, mchere, zinyenyeswazi za chakudya, fosifolasi ndi tizitsulo. Akapanda kusefa bwino, zonyansazo zimakaphimba katalisiti, mankhwala olimba amene amafulumizitsa ntchito mu thanki yaikulu ya fakitale, ndipo fakitale yonse imaima kuti amusinthe.

Mafuta ophikira ali ndi okosijeni m'kati mwake, pamene a ndege sayenera kukhala naye. Choncho amawatenthetsa kufika madigiri 300 kapena kupitirira, n'kuwapanikiza pamodzi ndi haidrojeni. Okosijeni uja amatuluka ngati madzi, wina ngati mpweya wa kaboni. Chotsala ndi timaunyolo towongoka ta kaboni, tambiri ta mfundo 15 mpaka 18.

Apa ndi pamene ndinakhalitsa, chifukwa mpamene pali luso lenileni. Unyolo wowongoka wa mfundo 18 umaundana pa madigiri 28, kutanthauza kuti m'mawa wa mwezi wa Juni ungautole ndi dzanja ngati phula. Koma mafuta a ndege a mtundu wa Jet A-1 amayenera kukhalabe amadzimadzi mpaka madigiri 47 kunsi kwa ziro, poti kumwamba kumene ndege zimauluka kumazizira koopsa. Ndiye timaunyolo tija amatidutsitsanso pa katalisiti wina amene amatipatsa nthambi, n'kudula tina kuti tifupike. Unyolo wa nthambi sugonana bwino ndi unzake, motero suundana msanga. Vuto n'lakuti kudulako sikusankha. Ukadula kwambiri kuti upeze mafuta a ndege ochuluka, gawo lina limasanduka nafita, mafuta opepuka onga petulo, ndi gasi, zonse zotsika mtengo. Ukadula pang'ono, zambiri zimatsala dizilo. Ndiye chifukwa chake fakitale ngati za kampani ya Neste ku Rotterdam ndi ku Singapore zimatulutsa dizilo ndi mafuta a ndege kuchokera ku zipangizo zomwezo, ndipo msika ndi malamulo ndiwo amalamula kuti achulukitse chiti.

Mafuta otulukawo sathiridwa okha mu ndege. Lamulo la muyezo wa mafutawa, lotchedwa ASTM D7566, limalola kuwasakaniza ndi mafuta wamba mpaka theka basi. Chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti a HEFA alibe maaromatiki, mankhwala amene amatupitsa pang'ono mphira zotsekera polumikizira mapaipi kuti mafuta asadonthe. Osakaniza aja amayenera kukhala ndi maaromatiki osachepera 8 peresenti. Ndege ya Virgin Atlantic imene inauluka kuchoka ku London kupita ku New York pa 28 Novembala 2023 popanda mafuta wamba inachita kupatsidwa chilolezo chapadera, ndipo mu thanki munali 88 peresenti ya HEFA ndi 12 peresenti ya maaromatiki opangidwa kuchokera ku shuga wa zomera.

Tsopano nkhani ya utsi. Injini ikawotcha kilogalamu imodzi ya mafuta a ndege, imatulutsa makilogalamu pafupifupi 3.16 a mpweya wa kaboni, ndipo SAF naye amatulutsa pafupifupi womwewo. Kumbuyo kwa injini simungaone kusiyana kwa kaboni. Phindu limawerengedwa pa ulendo wonse wa mafutawo: kaboni wa m'mafuta ophikira anachita kukokedwa mumlengalenga ndi mbewu pamene inkakula, ndiye akatuluka amangobwerera kumene anachokera. Amene amawerengedwa ndi wotuluka potolera mafutawo, powanyamula, popanga haidrojeni ndi poyendetsa fakitale.

Bungwe la ICAO, loyang'anira maulendo a ndege padziko lonse, mu ndondomeko yake yochepetsera kaboni ya CORSIA, limati mafuta wamba amatulutsa magalamu 89 a mpweya wa kaboni pa megajulu iliyonse ya mphamvu. A HEFA ochokera ku mafuta ophikira otha ntchito anawapatsa 13.9. Kusiyanako ndi 84 peresenti, ndipo apa mpamene pachokera nambala yotchuka ija.

Ndinayesa kuiika pa ulendo umodzi. Tingoyerekeza kuti ndege yaikulu yawotcha matani 50 a mafuta. Kilogalamu iliyonse ili ndi mamegajulu pafupifupi 43, ndiye pa magalamu 89 aja ulendowo watulutsa matani pafupifupi 191. Mukathira theka la SAF wabwino uja, malire amene lamulo limalola, mwachotsa 42 peresenti, matani pafupifupi 80. Ndi zambiri ndithu, ndipo sindikuzipeputsa. Koma mayiko a mgwirizano wa ku Ulaya analamula 2 peresenti yokha kuyambira mu 2025, kenako 6 peresenti mu 2030. Pa 2 peresenti, ulendo womwe uja wachepetsa matani atatu okha mwa 191. Padziko lonse, mu 2024 SAF anali pafupifupi 0.3 peresenti ya mafuta onse a ndege.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndi zimene zimachitika mukasintha chipangizo. Soya wa ku Amereka anapatsidwa 64.9, chifukwa amawerengeranso fetereza, mathirakitala ndi malo atsopano amene amaswedwa mbewu ya chakudya ikapita ku mafuta. Pamenepo phindu latsika kufika 27 peresenti. Mafuta a kanjedza ochokera ku fakitale zimene zimasiya madzi oipa akuwola poyera, n'kumatulutsa mpweya wa mitheni, anapatsidwa 99.1, kuposa mafuta wamba amene amati akuwalowa m'malo. Mu thanki onsewa amaoneka chimodzimodzi, amayaka chimodzimodzi, ndipo woyendetsa ndege sangawasiyanitse.

Mafuta ophikira otha ntchito ndiwo golide wa malondawa, koma ndi ochepa, ndipo opanga dizilo wa magalimoto akuwalimbiranso. Ulaya amaitanitsa ambiri kuchokera ku China, Malaysia ndi Indonesia. Mtengo wa otha ntchito ukakwera kuposa wa atsopano, pamabwera chiyeso chosakaniza mafuta a kanjedza atsopano n'kuwalemba kuti ndi otha ntchito. Akadutsa mu haidrojeni palibenso angazindikire, kotero umboni wonse umatsamira pa mapepala osonyeza malo odyera kumene anatoleredwa ndi anthu oyendera amene amakatsimikiza. Chizindikiro chimodzi chokayikitsa ndi dziko limene likugulitsa kunja mafuta otha ntchito ochuluka kuposa amene makhitchini ake angathe kutolera.

Kwa ine, funso loyamba kwa kampani yonena za 80 peresenti ndi la chipangizo: mafutawo achokera ku chiyani, ndipo wakatsimikiza ndani? Lachiwiri ndi la muyezo: pa mafuta onse amene ndege zawo zawotcha chaka chonse, SAF ndi malita angati pa 100 alionse? Mukachulukitsa phindu la chipangizocho ndi gawo la SAF limenelo mumapeza kuchepa kwenikweni kwa kaboni, ndipo pa maulendo ambiri a lero yankho likadali pansi pa 2 peresenti.