Ndime ya njuchi imene inandilanda mamalikisi awiri

Pa mayeso a Chingerezi a IELTS, gawo la kuwerenga lili ndi mafunso 40 oyenera kuyankhidwa m'mphindi 60, ndipo mwa mafunso onsewo amene andisautsa kwambiri ndi olumikiza mitu ndi ndime. Ndime zimapatsidwa malembo A, B, C, mitu imalembedwa ndi manambala achiroma, ndipo mitu imachuluka kuposa ndime, kotero kuti ina imaikidwapo ngati nyambo chabe.

Sabata yatha ndinkayeserera ndi nkhani yonena za kuchepa kwa njuchi. Ndime C inali ndi ziganizo zisanu ndi ziwiri. Ziwiri zoyambirira zinkanena za mankhwala amene alimi amapopera m'minda, ndipo nditangoona mawu amenewa ndinathamangira mutu iii, wonena za kuopsa kwa mankhwala opopera, chifukwa mawu a m'mutuwo ndi a m'ndimemo ankafanana ndendende. Sindinalabadire kuti chiganizo chachitatu chinayamba ndi mawu otanthauza "komabe", ndipo kuchokera pamenepo wolemba anatembenukira ku nthata zimene zimayamwa njuchi, kenako ku kutha kwa maluwa akutchire. Mutu woyenera unali vi, wonena za zifukwa zosiyanasiyana zimene njuchi zikuchepera. Mutu iii sunali wabodza ayi, koma unkafunda ziganizo ziwiri zokha, ngati bulangete lalifupi losiya miyendo pamtunda.

Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti ndime D ndiyo inkanena za mankhwala kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Popeza mutu uliwonse umagwira ntchito kamodzi, ndipo iii ndinali nditaupereka kale kwa C, ndinakakamiza D kutenga mutu wina umene ngakhale ineyo sunkandigwira mtima. Kulakwa kumodzi kunabala kwina. Tsopano ndikaona kuti ndime ina yasowa mutu woikwana bwino, ndimabwerera m'mbuyo kukafufuza ndime imene yatenga mutu wa inzake.

Ndasintha kachitidwe. Ndimawerenga ndime yonse ndisanayang'anenso mndandanda wa mitu, kenako ndimalemba ndi pensulo m'mphepete mawu anga atatu kapena anayi onena chimene ndimeyo ikuchita: kaya ikutchula zifukwa, ikupereka njira yothetsera vuto, kapena ikutsutsa ganizo lakale. Mitu iwiri ikamalimbirana ndime imodzi, ndimalemba manambala onse awiri pambali, ndikufunsa pa chiganizo chilichonse kuti ndi mutu uti umene ukuchifunda. Ndimayang'anitsitsanso ngati mutu ukunena za chinthu chimodzi kapena zambiri, pakuti pa ndime C chimene chinasiyanitsa vi ndi iii chinali mawu akuti "zosiyanasiyana".

Njira imeneyi imadya nthawi, ndipo nkhani iliyonse mwa zitatu za m'gawo la kuwerenga ili ndi mphindi pafupifupi 20 zokha. N'chifukwa chake ndimayamba ndi ndime zosakayikitsa, ndikufufuta mitu yake pamndandanda, kuti ndikamafika pa ndime zovuta ndikhale ndi mitu itatu yoyerekeza m'malo mwa isanu ndi inayi.