Maluwa a mkazi wa mwini

Nditangofika ku Hanoi kukaphunzitsa Chingerezi, ndinkayesa Chivietinamu ndi phala. Mneni wawo sasintha. Kabuku kanga kankati ukaika đã patsogolo pa mneni ndiye zakale, đang ndi zimene zikuchitika, sẽ ndi zam'tsogolo. Ndinati aa, si -na-, -ku- ndi -dza- athu omwewa? Tôi đã ăn, ndinadya. Tôi đang ăn, ndikudya. Tôi sẽ ăn, ndidzadya. Kabuku ndinatseka.

Pamene ndinkadyera phở, chakudya chawo cha msuzi wa nyama, m'mawa panali mtsikana wothandiza azakhali ake. Ankandithirira msuzi wowonjezera ndisanapemphe, ine mtima dyokodyoko. Tsiku lina atapita kuseri kukatsuka mbale, ndinawanong'oneza azakhaliwo, manja kumbuyo, ngati mwanayo ali pabanja.

"Nó đã có chồng rồi," anatero akudula anyezi.

Ndinawerengera pazala. Có ndi kukhala ndi chinthu, chồng ndi mwamuna, đã ndi -na- wathu uja. Anali ndi mwamuna. Anali! Ndiye kuti banja linatha. Kamawu komaliza ako, rồi, ndinakataya ngati fupa.

M'mawa mwake ndinasita malaya, nkugula maluwa. Ndikuwapereka chonchi, bambo amene tsiku lililonse ankabweretsa nyama pa njinga yamoto anazimitsa injini, nkuvula chipewa pang'onopang'ono. Azakhali anamuloza ndi mpeni wa anyezi uja: "Chồng nó." Mwamuna wake.

Maluwa ndinawapatsa azakhali. Anaseka mpaka kukhala pansi.

Mphunzitsi mnzanga wa konko ndiye anandimasula. Akuti đã sanena kuti chinthu chinapita, amanena kuti chafika kale. Ndi mneni ngati "kudya" zimamvekadi zakale, koma ndi "kukhala ndi" kapena "kukalamba" tanthauzo lake ndi lakuti zinayamba ndipo zilipobe: tôi đã già ndi "ndakalamba", osati "ndinali wokalamba". Rồi ndinataya uja amakhomera msomali womwewo. Banja likanatha, akanati đã từng có chồng. Mwina -na- wathuyo akanandichenjeza, poti kwathunso tikati "anakwatiwa" munthu saguliratu maluwa.

Ndinafunsa za đang. Anati amalowa ngakhale dzulo: hôm qua lúc tám giờ tôi đang ngủ, dzulo 8 koloko ndinali ndikugona. Ndipo ukangotchula hôm qua, dzulo, kapena ngày mai, mawa, timawu timeneti ukhoza kutisiya: hôm qua tôi đi chợ ndi chiganizo chokwanira, dzulo ndinapita kumsika. Ife sitinganene "dzulo ine pita". N'chifukwa chake katswiri wawo Cao Xuân Hạo ankalimbikira kuti chinenerochi chilibe nthawi za aneni, ngakhale ena amamutsutsa.

"Nanga upitakonso?" anandifunsa.

"Tôi sẽ đi," ndinayankha, ndidzapita.

Papita miyezi 4. Phở ndikudyera msewu wina, kwa agogo aamuna amene msuzi sawonjezera.