Sabata ya mlembi wa bodi: mfundo, wochita ndi tsiku

Bodi ya SACCO yathu inakumana Lachiwiri kwa maola anayi, koma maminitsi ake anakwana masamba atatu okha.

Ntchito inayamba Lolemba. Pansi pa mutu uliwonse wa ajenda ndinasiya mipata itatu: mfundo yomwe yamangidwa, woti achite, ndi tsiku lomalizira. Mpata umodzi ukatsala wopanda kanthu, ndiye kuti nkhaniyo sinathe, ngakhale anthu atagwedezera mitu.

Nkhani yomwe inadya nthawi inali ya ngongole zomwe zapyola masiku 90 osabwezedwa. Anakambirana pafupifupi ola lathunthu, ena kufuna kulanda zikole, ena kuti tiyambe tatumiza makalata. Wapampando atati "chabwino, nkhaniyi iunikidwe" n'kufuna kupita pa mutu wina, ndinapempha kuti tiime kaye. Mawu ngati "iunikidwe" kapena "ziwonedwe" ndi omwe amapha maminitsi, chifukwa sanena wounikayo, ndipo pa msonkhano wotsatira aliyense amaloza mnzake. Tinagwirizana mawu awa, ndipo ndinawawerenga mokweza asanawavomereze:

"Mfundo 5.2: Bodi yagwirizana kuti mamembala onse omwe ngongole zawo zapyola masiku 90 alandire kalata yomaliza, pamodzi ndi mboni zawo. Wochita: manejala. Makalata atumizidwe pasanathe masiku 14, ndipo lipoti lidzaperekedwe pa msonkhano wotsatira."

Wochita akhale mmodzi. Mukalemba "komiti ya ngongole", mutu umodzi wosenza nkhaniyo palibe. Lembani wapampando wa komitiyo. Zifukwa zake chiganizo chimodzi chimakwana, chosonyeza kuti bodi inawerenga lipoti la ngongole isanamange mfundo. Kuti uje anati chakuti, uje n'kupsa mtima, sizilowa. Dzina la wotsutsa limalembedwa pokhapokha mwini wake atapempha.

Pali zina zomwe sizisiyidwa ngakhale mukufupikitsa: omwe analipo, omwe anapepesa, ndiponso ngati chiwerengero chinakwana malinga ndi malamulo a SACCO. Mkulu wina wa bodi ndi mboni pa imodzi mwa ngongolezo, choncho ndinalemba kuti anaulula zimenezi, nthawi yomwe anatuluka ndi yomwe anabwerera. Maoditala komanso oyendera ochokera ku Reserve Bank amatha kufunsa zoterezi.

Lachitatu ndinatayipa mutu usanazizire n'kutumiza kwa wapampando. Lachinayi kunabwera foni kuchokera kwa mmodzi wa akuluakulu a bodi: "Amlembi, paja masiku aja bwanji mungolemba 30? 14 yachepa." Ndinawayankha mwaulemu kuti maminitsi amalemba zomwe zinamangidwa m'chipinda muja. Cholakwika cha kalembedwe chimakonzedwa, koma kusintha mfundo kumafuna bodi yomweyo ikhalenso pansi.

Lachisanu aliyense analandira tsamba limodzi la ntchito zake, zonse pamodzi zisanu ndi ziwiri. Wapampando sanasainirebe, adzasaina bodi ikadzavomereza maminitsiwa pa msonkhano wotsatira, ndipo tsamba lomwelo ndi lomwe tidzayambire pa nkhani zochokera m'maminitsi.