Chomwe chinamanga manja America ndi Soviet Union

Ambiri amati America ndi Soviet Union, chitaganya chakale cha Russia ndi maiko ena, sanamenyane maso ndi maso chifukwa anali ndi mabomba a nyukiliya ambiri. Ine ndimati nkhani siinali kuchuluka kwake, koma mabomba amene akanatsala mdani atayamba kuponya.

Taganizani. Ngati ungathe kuphwanya zida zonse za mnzako ulendo umodzi, mtima umakuuza kuti yamba ndiwe. Iyenso, podziwa zimenezo, amafulumira kuti akuyambe. Choncho mbali zonse zinabisa mizinga m'maenje a konkire ndi m'sitima zoyenda pansi pa nyanja, zomwe mdani sangadziwe pamene zili. Woyamba kuponya ankadziwa kuti kubwezera kubwera ndithu, mizinda yake ipsa.

Chodabwitsa n'chakuti mu 1972 anasainirana pangano la ABM lochepetsa zida zotchinga mizinga. Inde, anagwirizana kukhala opanda chishango chotchinga dziko lonse! Chifukwa wokhala ndi chishango angaganize kuti akhoza kuponya osabwezeredwa.

Koma tisanamizane, nzeru imeneyi imadalira kuti uthenga wofika kwa atsogoleri ukhale woona. Pa 26 Sepitembala 1983, makina a Soviet anaonetsa kuti America yaponya mizinga isanu. Msilikali amene anali pa ntchito usikuwo, Stanislav Petrov, anakayikira: woyambitsa nkhondo yotere angaponye isanu yokha? Anauza akuluakulu ake kuti makina alakwitsa. Kunali kuwala kwa dzuwa pa mitambo komwe kunasokoneza masetilaiti.